Vidiyo Yasowa: Mwini Wafufuta, Kampani Yachotsa, Kapena Yatsekedwa M'dziko Mwanu Mokha?

Funso ili limabwera kawirikawiri. Munthu amasunga linki ya vidiyo, tsiku lina n'kuitsegula n'kupeza sikirini yakuda yokhala ndi mawu ochepa achingerezi. Nthawi yomweyo amagamula kuti kampani yaichotsa, kapena boma laitseka, kapena mwini wachita mantha n'kufufuta. Nthawi zambiri chigamulocho chimakhala cholakwika, ndipo kulakwitsako kumadyetsa nthawi: wina amalipira VPN, pulogalamu yochititsa kuti munthu azioneka ngati ali kudziko lina pa intaneti, pofuna kuonera vidiyo imene inafufutidwa kalekale, pomwe wina amataya mtima pa vidiyo imene ikadalipo ndipo anthu a m'dziko loyandikana nalo akuionera bwinobwino.

Zinthu zitatuzi zimasiya zizindikiro zosiyana. Vidiyo yotsekedwa m'dziko limodzi ili ngati nyumba yokhoma chitseko chimodzi, pomwe yofufutidwa ndi nyumba yogumulidwa. Kampani ikachotsa vidiyo, kawirikawiri imatchula chifukwa. Mwini akafufuta kapena kubisa, sipakhala kufotokoza kwenikweni. Pano tikamba kwambiri za YouTube chifukwa ndiyo imaulula zambiri, ndipo za masamba ena zili chakumapeto.

## Zoyamba kuchita musanaganizire aliyense

- Tsegulani linkiyo pa YouTube penipeni, osati m'kabokosi ka vidiyo kamene kali pa tsamba lina. Mwini akhoza kuletsa kuti vidiyo yake iziseweredwa pa masamba ena, ndipo zikatero mumaona mawu onga `Playback on other websites has been disabled by the video owner`. Apa palibe chimene chasowa. Dinani `Watch on YouTube` basi.
- Jambulani sikirini yonse. Mawu aakulu akuti `Video unavailable` amaoneka pa mavuto osiyanasiyana, ndiye sathandiza paokha. Chimene mukufuna ndi mzere waung'ono wam'munsi mwake. Pa foni mzerewu nthawi zina umadulidwa, choncho tsegulaninso linkiyo mu burawuza.
- Werengani nambala ya vidiyo. Vidiyo iliyonse ya pa YouTube ili ndi zilembo 11 zoizindikiritsa, zimene zimabwera pambuyo pa `watch?v=` kapena pambuyo pa `youtu.be/`. Chilembo chachikulu ndi chaching'ono si chimodzi. Linki ikaduka chilembo chimodzi pokopera, kapena munthu akailemba pamanja n'kusokoneza `l` ndi `I`, mudzalandira uthenga wofanana ndi wa vidiyo yofufutidwa. Zilembo 11 zimenezi zisungeni, chifukwa tizigwiritsa ntchito m'munsimu.

## Chizindikiro choyamba: uthenga sukutchula chifukwa chilichonse

Mukuona `Video unavailable` kapena `This video isn't available anymore`, ndipo palibe dzina la kampani, dziko kapena lamulo. Ili ndilo vuto lovuta kulimasula, chifukwa kusatchula chifukwa si umboni wa chinthu chimodzi.

Zimene zimachititsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Mwini wafufuta vidiyoyo. Nthawi zina uthenga umanena mosabisa kuti `This video has been removed by the uploader`, koma osati nthawi zonse.
2. Mwini waibisa kuti azionera yekha ndi amene wawasankha. Uthenga wake umakhala `Private video` kapena `This video is private`.
3. Linki ndi yolakwika kapena yoduka.
4. Tchanelo yonse kulibenso, kaya mwini watseka yekha akaunti kapena kampani yaitseka.

Kufufuta ndi kubisa zimaoneka zofanana kwa woonera, koma mathero ake ndi osiyana kwambiri. Vidiyo yobisidwa ikadali m'manja mwa mwini ndipo akhoza kuibwezera poyera mawa, pa linki yomweyo, ndi ndemanga zake zomwe zija. Yofufutidwa ndiye yapita. YouTube siibwezeretsa ngakhale mwiniwake atapempha, ndipo akaiikanso imalandira zilembo 11 zatsopano, kutanthauza kuti linki yanu yakale sidzagwiranso ntchito.

Njira yosavuta yosiyanitsira ziwirizi ndi mndandanda wa mavidiyo, umene pa sikirini umalembedwa `Playlist`. Ngati vidiyoyo munaiika mu mndandanda wanu, kapena mukudziwa wa munthu wina umene inalimo, tsegulani mndandandawo n'kusankha kuonetsa mavidiyo obisika. Pamalo pa vidiyo yosowayo pamalembedwa `[Private video]` kapena `[Deleted video]`. Mawu oyambawo ndi odalirika: vidiyo ilipo, mwini ndiye waibisa. Achiwiriwo muwasamale, chifukwa amaonekanso pa vidiyo imene kampani yachotsa. Amangokuuzani kuti vidiyo kulibe, sakuuzani amene anaichotsa.

Kenako pitani pa tchanelo ya mwini. Ngati tchanelo ilipo, mavidiyo ena akusewera, ndipo yasowa imodzi yokha popanda uthenga wotchula lamulo, mwayi waukulu ndi wakuti mwini ndiye wachita. Yang'anani ngati anaikanso vidiyo ya mutu womwewo chaposachedwa. Anthu ambiri amafufuta vidiyo chifukwa mawu sanamveke bwino kapena analakwitsa kena kake, kenako n'kuika yokonzedwa. Ngati tchanelo yonse yasowa, dumphani mupite pa chizindikiro chachiwiri.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa. Pa 23 Julayi 2021, YouTube inasandutsa kukhala obisika mavidiyo a mtundu wa `Unlisted` amene anaikidwa chisanafike 1 Januwale 2017, kupatula a eni amene anasankha kuti asatero. Mavidiyo a `Unlisted` ndi aja amene saoneka pofufuza koma aliyense wokhala ndi linki amaonera. Choncho ngati linki yanu ndi yakale kwambiri, monga ya phunziro limene linaikidwa mu 2014, n'kutheka kuti mwini sanakhudze chilichonse ndipo sakudziwa n'komwe kuti vidiyo yake sikuonekanso. Kumulembera kalata yaulemu kumatha kuthetsa nkhaniyo tsiku lomwelo.

Zochita:

- Ikakhala yobisidwa, pemphani mwini. Akhoza kukupatsani chilolezo kudzera pa imelo ya akaunti yanu ya Google, ndipo muyenera kulowa ndi akaunti yomweyo kuti muonere.
- Ikakhala yofufutidwa, VPN siingathandize, ngakhale kusintha foni. Fufuzani mutu wake kuti muone ngati inaikidwanso.
- Ngati mutu munaiwala, ikani zilembo 11 zija mu Google, kapena ikani linki yonse mu Wayback Machine ya Internet Archive, tsamba losunga makope akale a masamba a pa intaneti. Kawirikawiri mumapezamo mutu, dzina la tchanelo ndi tsiku, koma vidiyo yeniyeniyo nthawi zambiri simukhala.

## Chizindikiro chachiwiri: uthenga ukutchula lamulo, umwini kapena akaunti

Apa kampani ndiyo yachita, ndipo yanena yokha. Mauthenga ake ndi atatu, kuyambira umene mungakumane nawo kwambiri:

1. `This video is no longer available because the YouTube account associated with this video has been terminated`. Akaunti yonse yatsekedwa. Vidiyo imene mukufunayo mwina inalibe vuto lililonse, yangopitira limodzi ndi zinzake.
2. `This video is no longer available due to a copyright claim by` kenako dzina. Munthu kapena kampani yotchulidwayo inapereka dandaulo lalamulo lakuti vidiyoyo ili ndi zinthu zake.
3. `This video has been removed for violating YouTube's Community Guidelines`, kapena mawu ofanana nawo otchula `Terms of Service` kapena lamulo linalake, monga loletsa kuzunza ena.

Kuchotsa kotereku kumakhudza dziko lonse lapansi. Mnzanu wa kudziko lina adzaona uthenga womwewo, ndipo uwu ndiwo umboni wosiyanitsa ndi kutseka kwa m'dziko limodzi.

Uthenga wachiwiriwo tiumvetse bwino, chifukwa anthu amaumva ngati chigamulo cha khoti. Si chigamulo ayi. Pansi pa lamulo la ku Amereka la 1998 lotchedwa DMCA, kampani yosunga mavidiyo imatetezedwa ku milandu ya umwini ngati ichotsa msanga chinthu chimene chadandaulidwa mwa njira yoyenera. Choncho vidiyo imachotsedwa pasanapezeke woweruza aliyense wonena kuti wolakwa ndani. Amene anaika vidiyoyo ali ndi ufulu wotsutsa, ndipo akatsutsa, wodandaulayo amapatsidwa masiku 10 ogwira ntchito kuti asonyeze kuti watengera nkhaniyo kukhoti. Akalephera, vidiyo imabwerera. N'chifukwa chake vidiyo yochotsedwa pa nkhani ya umwini ndi bwino kuiyang'ananso pakatha milungu ingapo, pomwe yofufutidwa ndi mwini palibe choiyembekezera.

Pali msampha wina umene umasokoneza ngakhale anthu ozolowera. Wodandaula za umwini akhoza kusankha kupatsa woika vidiyo masiku 7 kuti aichotse yekha asanalandire chilango. Woikayo akafufuta m'masiku amenewo, inu woonera mudzangoona kuti mwini ndiye wachotsa, ngakhale kuti chimene chinamukakamiza ndi dandaulo. Sikirini imakuuzani amene anadina batani, osati chimene chinali kumbuyo kwake. Ndikuona kuti ndi chilungamo kunena kuti "mwini anafufuta" n'kulekera pomwepo, osawonjezera chifukwa chimene simunachione.

Woonera alibe chochita chenicheni pano, chifukwa apilo ndi ya mwini akaunti yekha. Ngati mukufufuza nkhaniyo mozama, tsamba lotchedwa Lumen limasunga makalata ambiri a madandaulo ofuna kuchotsa zinthu pa intaneti, ndipo Google imatulutsa malipoti onena za zopempha za maboma. Musayembekezere kupezamo vidiyo iliyonse.

## Chizindikiro chachitatu: kwa mnzanu ikusewera, kwa inu ikukana

Ichi ndi chizindikiro chabwino, chifukwa chikutsimikiza kuti vidiyo ilipo. Koma musathamangire kunena kuti ndi dziko. Pakati pa inu ndi mnzanuyo pali zinthu zinayi zosiyana: akaunti, foni, netiweki ndi dziko. Ntchito yanu ndi kusintha chimodzi pa nthawi imodzi.

Zimene zimachititsa, kuyambira chofala kwambiri pamene mnzanuyo ali kudziko lina:

1. Mwini nyimbo kapena zithunzi zimene zili mu vidiyoyo waitseka m'dziko mwanu. Uthenga wake: `This video contains content from` dzina `who has blocked it in your country on copyright grounds`.
2. Woika vidiyo sanailole m'dziko mwanu: `The uploader has not made this video available in your country`.
3. Vuto ndi akaunti kapena netiweki yanu, osati dziko: malire a zaka, `Restricted Mode` imene imabisa mavidiyo osayenera ana, kapena vidiyo ya mamembala olipira okha.
4. YouTube ikuganiza kuti muli kudziko lina.
5. Boma kapena khoti la m'dziko mwanu linalamula kuti itsekedwe. Uthenga wake umatchula `legal complaint` ndi `country domain`.

Choyambacho chimachokera ku makina otchedwa Content ID, amene YouTube inayambitsa mu 2007. Makampani a nyimbo, makanema ndi zamasewera amapereka zinthu zawo, ndipo makinawo amayerekeza vidiyo iliyonse yatsopano ndi zimenezo. Akapeza zofanana, mwini zinthuzo ali ndi zosankha zitatu: kutseka vidiyoyo, kutenga ndalama zake za malonda, kapena kungoona chiwerengero cha oonera. Chofunika kumvetsa n'chakuti akhoza kusankha mosiyana pa dziko lililonse. Nyimbo imodzi ikhoza kukhala ndi eni osiyana m'mayiko osiyana, ndipo ufulu woonetsa mpira umagulitsidwa dziko ndi dziko. Ndiye vidiyo yomweyo imapanga ndalama kwina, kwina ili yotseka, popanda boma lililonse kulowererapo. Ku Jeremani, kuyambira mu 2009 mpaka mu Novembala 2016, mavidiyo ambirimbiri a nyimbo ankakana kusewera chifukwa YouTube ndi bungwe la GEMA, loimira olemba nyimbo, sankagwirizana za malipiro. Anthu a m'mayiko ena ankaonera mavidiyo omwewo popanda vuto.

Chachiwiricho chimachitika kwambiri pa matchanelo a makampani a wailesi yakanema, amasewera ndi anyimbo, chifukwa iwo ndiwo ali ndi zida zosankhira mayiko. Munthu wamba amene ali ndi tchanelo yaing'ono nthawi zambiri alibe batani limenelo, ndiye mukaona vidiyo yake yatsekedwa m'dziko limodzi, yambani mwaganizira nyimbo imene ikumveka chapansipansi mu vidiyomo.

Kayezedwe kake, motsatana:

- Tulukani mu akaunti, kapena tsegulani tsamba la `Incognito`. Ikasewera, vuto ndi akaunti yanu. Ikakufunsani `Sign in to confirm your age`, ndiye kuti ili ndi malire a zaka, osati a dziko.
- Chokani pa wayifayi mugwiritse ntchito bandulo ya pa foni. Masukulu, malaibulale ndi maofesi amatha kukakamiza `Restricted Mode` pa netiweki yawo yonse, ndipo inu simungaizimitse. Ikasewera pa bandulo, nkhani ndi ya woyang'anira netiwekiyo.
- Zimitsani VPN ngati ilipo, kuphatikizapo ya kuntchito. YouTube imadziwa dziko lanu makamaka poona adiresi ya intaneti imene mukutulukira. Ngati muli paulendo ndipo mukugwiritsa ntchito simu khadi ya kwanu, intaneti yanu nthawi zambiri imadutsira kwanuko, ndiye mumaoneka ngati simunachoke.
- Pomaliza tumizani linkiyo kwa munthu wina wa m'dziko mwanu momwemo amene ali pa kampani ina ya foni, komanso kwa wina wa kunja. Ikakana kwa onse a m'dziko mwanu n'kusewera kunja, mwapeza yankho.

Musataye nthawi ndi batani la `Location` la mu YouTube. Limasintha mavidiyo amene akukuonetsani patsamba loyamba, koma silitsegula vidiyo yotsekedwa.

Kwa amene saopa kulemba adiresi pamanja, pali mayeso awiri achangu. Pamalo pa `ID` ikani zilembo 11 zija.

```
https://i.ytimg.com/vi/ID/hqdefault.jpg
https://www.youtube.com/oembed?url=https://www.youtube.com/watch?v=ID&format=json
```

Adiresi yoyamba imaonetsa chithunzi chapamwamba cha vidiyo. Vidiyo yotsekedwa m'dziko mwanu mokha kawirikawiri imaonetsabe chithunzi chake, pomwe yofufutidwa imangobweretsa kachithunzi kotuwa kopanda kanthu. Yachiwiri ikabweretsa mutu ndi dzina la tchanelo, vidiyo ilipo ndipo si yobisidwa. Ikabweretsa mawu okana, musagamule nawo okha, chifukwa vidiyo yoletsedwa kusewera pa masamba ena imakananso pamenepo.

Amene ali ndi kiyi ya YouTube Data API akhoza kuona mayiko enieniwo, poika kiyiyo pamalo pa `KEY`:

```
https://www.googleapis.com/youtube/v3/videos?part=contentDetails&id=ID&key=KEY
```

Mu yankho yang'anani `regionRestriction`. Mukapeza `blocked`, mayiko olembedwawo ndiwo otsekedwa. Mukapeza `allowed`, olembedwawo okha ndiwo ololedwa ndipo ena onse ndi otsekedwa. Mayiko amalembedwa ndi zilembo ziwiri, monga `DE` kuimira Jeremani ndi `JP` kuimira Japani. Pali masamba aulere amene amachita funso lomweli n'kujambula mapu, koma tsamba lililonse limene likupempha pasiwedi ya akaunti yanu lithaweni, chifukwa ntchitoyi siifuna pasiwedi.

Za VPN ndinene maganizo anga. Poyesera kuti mudziwe vuto, munthu weniweni wa kunja ndi wodalirika kuposa VPN, chifukwa YouTube imatha kuzindikira VPN n'kukana pa chifukwa china, ndiye mumasokonezeka kawiri. Komanso mayiko ena ali ndi malamulo okhwima pa VPN. Ngati chotseka ndi lamulo la khoti kapena la boma, dziwani malamulo a kumene muli musanayese kuzemba.

## Chizindikiro chachinayi: YouTube yonse sikutseguka

Ili si vuto la vidiyo imodzi. Mwina bandulo yatha, netiweki yagwa, woyang'anira netiweki watseka tsambalo, kapena dziko latseka YouTube yonse, monga zinachitikira ku Pakisitani kuyambira mu Sepitembala 2012 mpaka mu Januwale 2016. Kusiyana kwake n'kosavuta: vidiyo ikatsekedwa ndi YouTube, tsamba limatseguka n'kukuonetsani uthenga wa YouTube. Ikatsekedwa ndi kampani yanu ya intaneti, tsambalo silifika n'komwe, limangozungulira kapena burawuza imanena kuti yalephera kulumikiza. Yesani vidiyo ina iliyonse musanapitirire.

## Chitsanzo chimodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tiyerekeze kuti mphunzitsi ali ndi linki ya vidiyo ya mphindi 12 yofotokoza mmene mtima umapopera magazi, ndipo wakhala akuipereka kwa ophunzira ake. Chaka chino ophunzira akuti ikukana. Iye akutsegula pa foni ali kusukulu n'kuona `Video unavailable` basi.

Akuwerenga zilembo, zilipo 11, ndipo n'zofanana ndi zimene analemba chaka chatha. Akuchoka pa wayifayi ya sukulu n'kuyatsa bandulo, ikukanabe, ndiye `Restricted Mode` ya sukulu yatuluka pa mndandanda. Akutsegula `Incognito`, ikukanabe, ndiye si akaunti. Akulemba adiresi ya chithunzi ija, chithunzi cha mtima chikuoneka bwinobwino. Apa wadziwa kale chinthu chachikulu: vidiyoyo mwina siinafufutidwe. Akupita pa tchanelo ya mwini, tchanelo ilipo, koma vidiyoyi sikuoneka pa mndandanda. Izi zisamusokoneze, chifukwa vidiyo yotsekedwa m'dziko mwanu nthawi zambiri imabisikanso pa tchanelo mukamaiona muli m'dzikomo.

Madzulo akutsegula linkiyo pa kompyuta, ndipo mzere waung'ono uja ukuoneka wonse. Ukutchula kampani ya nyimbo ndi mawu akuti `blocked it in your country on copyright grounds`. Akutumiza linkiyo kwa mphunzitsi mnzake amene ali kunja, ndipo uko ikusewera. Mnzakeyo akumuuza kuti kumayambiriro kwa vidiyo kuli kanyimbo ka masekondi ochepa. Nkhani yonse yagona pa kanyimbo kameneko.

Chimene mphunzitsiyu angachite chothandiza ophunzira onse ndi kulembera mwini tchanelo, kumutumizira chithunzi cha uthengawo ndi kumuuza dzina la dziko. Mwiniyo mwina sakudziwa, chifukwa kwawo vidiyo ikusewera. Mu YouTube Studio, malo amene mwini amayendetsera tchanelo yake, akhoza kudula kachigawo ka nyimboko, kukazimitsa mawu kapena kuikapo nyimbo ina, ndipo dandaulo likachoka vidiyo imatseguka pa linki yomweyo. Chimene sayenera kuchita ndi kupempha mnzake wakunja kuti aikopere n'kuiika pa tchanelo yake. Content ID idzaigwira nthawi yomweyo chifukwa cha kanyimbo komweko, ndipo mwini vidiyo akhozanso kudandaula, mlandu n'kugwera mphunzitsiyo.

## Masamba ena

Pa X, imene kale inkatchedwa Twitter, mauthenga amasiyanitsidwa bwino ndithu. Pali wonena kuti wolemba wafufuta, wonena kuti malamulo a X aphwanyidwa, wonena kuti akaunti yaimitsidwa, ndi wokhala ndi liwu lakuti `withheld` lotsatana ndi dzina la dziko. Womalizawu ndiwo wa kutseka m'dziko limodzi, njira imene kampaniyi inayamba mu 2012. Dandaulo la umwini likabwera, mawu olembedwa amatha kutsala koma vidiyo yokha n'kuzimitsidwa.

Facebook ndiyo yosathandiza kwenikweni. Uthenga wakuti `This content isn't available right now` umaoneka mwini akafufuta, akasintha oyenera kuona, vidiyo ikakhala mu gulu limene inu mulibemo, ngakhalenso mwiniyo akakutsekani inuyo panokha. Njira yake ndi kupempha munthu amene ali pa ubwenzi ndi mwiniyo, kapena ali mu gululo, kuti ayese linkiyo. TikTok nayonso imapereka mawu ochepa, monga `Video currently unavailable`, ndiye mayeso a akaunti, netiweki ndi dziko aja ndiwo angakuthandizeni.

## Ngati vidiyo yosowayo ndi yanu

Inu simufunika kulota, chifukwa yankho lili mu YouTube Studio ndi mu imelo ya akaunti yanu, kuphatikizapo bokosi la `Spam`. Tsegulani `Content` n'kuona zimene zalembedwa pambali pa vidiyoyo. Ngati palibiretu pa mndandanda ndipo palibe imelo yochokera ku YouTube, ndiye kuti inafufutidwa kuchokera mkati mwa akaunti. Funsani aliyense amene munamupatsa mphamvu pa tchanelo. Onse akakana, onani mafoni ndi makompyuta amene alowa mu akaunti yanu ya Google, ndipo musinthe pasiwedi nthawi yomweyo.

Siyanitsani dandaulo la Content ID ndi chilango chotchedwa `copyright strike`. Dandaulo la Content ID palokha silivulaza tchanelo. Mukhoza kulisiya, kukonza vidiyo, kapena kulitsutsa, ndipo mukatsutsa wodandaulayo ali ndi masiku 30 oyankhira. Koma akhoza kuyankha popempha kuti vidiyo ichotsedwe mwalamulo, ndipo pamenepo mumalandira chilango chenicheni. Chilangochi chimatha pakadutsa masiku 90 ngati mwamaliza kaphunziro kamene YouTube imakupatsani, ndipo zilango zitatu zikakumana tchanelo ikhoza kutsekedwa. Kufufuta vidiyo chilango chitabwera kale sikuchichotsa. Kumbali ya malamulo a khalidwe, kawirikawiri koyamba mumachenjezedwa, chilango choyamba chimakuletsani kuika zinthu kwa sabata imodzi, chachiwiri m'kati mwa masiku 90 kwa masabata awiri, ndipo chachitatu chimatseketsa tchanelo. Zolakwa zazikulu kwambiri zimatha kutseketsa tchanelo nthawi imodzi. Tchanelo ikatsekedwa musatsegule ina pozemba, chifukwa zimenezo n'zoletsedwa ndipo zimaononga mwayi wa apilo yanu.

## Pamene muyenera kusiya n'kufunsa katswiri

- Musanatumize `counter notification`, kalata yotsutsa kuchotsedwa kwa vidiyo yanu pa dandaulo la umwini, kambiranani ndi loya wodziwa za umwini wa zaluso. Ichi ndi chikalata chalamulo: mumalumbira kuti zimene mukunena n'zoona, mumavomera kuti nkhaniyo ikhoza kupita kukhoti, ndipo dzina lanu lenileni ndi adiresi zimaperekedwa kwa wodandaulayo. Loya akhoza kutumiza m'malo mwanu.
- Muli kale ndi zilango ziwiri ndipo tchanelo ndiyo imakudyetsani. Osatsutsanso dandaulo lina mongoyesa mwayi.
- Uthenga ukutchula khoti kapena boma, ndipo vidiyoyo ndi yanu kapena mukufuna kuifalitsanso. Pezani loya kapena bungwe loteteza atolankhani ndi ufulu wa pa intaneti musanaiike pena paliponse.
- Vidiyo yosowayo ndi umboni pa mlandu. Sungani linki, zilembo 11, zithunzi za sikirini ndi tsiku limene munaiona, n'kupereka msanga kwa loya kapena apolisi. Iwo ndiwo ali ndi njira yalamulo yopemphera kampani kuti isunge zimene ikadali nazo, ndipo kampani sizisunga mpaka kalekale.
- Munthu akukuopsezani kuti akutumizirani madandaulo a umwini mukapanda kumulipira, kapena akulonjeza kuti abwezeretsa vidiyo yofufutidwa mukamupatsa ndalama kapena pasiwedi. Musalipire. Sungani mauthengawo, dziwitsani YouTube kudzera pa tsamba lake lothandizira, ndipo ngati kuopsezako kukupitirira kauzeni apolisi.
- Ngati vuto lapezeka kuti ndi netiweki ya kuntchito kapena ya kusukulu, musalimbane nayo nokha. Pitani kwa woyang'anira makompyuta ndi linkiyo pamodzi ndi chithunzi cha uthenga, chifukwa iye akhoza kulola vidiyo imodziyo popanda kutsegula zina zonse.